Mabuku akakana kufanana: kutseka akaunti ya sasipensi popanda kudzinamiza

Chaka cha malonda chikatha, wolemba mabuku a ndalama amatenga zotsala za akaunti iliyonse ya m'leja n'kuzindandalika pa pepala limodzi m'mizere iwiri. Kumanzere amaika za debiti, kumanja za kirediti, kenaka n'kuwonkhetsa mzere uliwonse. Pepala limeneli ndi lomwe amalitcha thirayo balansi. Mizere iwiriyo ikapereka nambala imodzi, mtima umakhala m'malo. Ikasiyana, ngakhale ndi K50 yokha, ndiye kuti penapake palakwika.

Chifukwa chake n'chakuti m'kalembedwe ka mabuku a bizinesi, chochitika chilichonse chimalembedwa kawiri. Mukalipira lendi, ndalamayo imalembedwa ku debiti m'akaunti ya lendi, kusonyeza kumene yapita, komanso ku kirediti m'buku la ndalama, kusonyeza kumene yachokera. Njirayi ndi yakale ndithu. Amalonda a ku Italy ankaigwiritsa kale ntchito pamene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lake la masamu lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494. Popeza debiti iliyonse ili ndi kirediti yake yofanana nayo, zonse zikawonkhetsedwa ziyenera kulingana.

Zikapanda kulingana, ntchito siingaime kudikira kuti cholakwika chipezeke. Mwini bizinesi akufuna kudziwa phindu, mwina a ku banki akufuna mapepala. Choncho wolemba mabuku amatsegula akaunti yongoyembekezera, ya sasipensi, n'kuikamo kusiyanako ku mbali imene yaperewera. Mizere ija imafanana tsopano, koma yafanana mochita kubwereka. Ndalama ya mu sasipensi si katundu, si ngongole, si phindu. Ndi chizindikiro chabe chakuti pali zinthu zimene sitinazipeze, ndipo akauntiyi iyenera kufika pa ziro mabuku a chaka asanatsekedwe.

Pali mfundo imodzi imene ndimafuna aliyense wogwira mabuku, ngakhalenso mwini sitolo amene sagwira yekha cholembera, aimvetse bwino. Thirayo balansi ili ngati sikelo ya mbale ziwiri. Imakuuzani ngati mbale ina yalemera kuposa inzake, basi. Mukaiwala kuika kanthu pa mbale zonse ziwiri, sikelo siidandaula. Mukathira mchenga m'malo mwa nyemba, bola kulemera kukhale komweko, siidandaulanso. Ndiye kuti pali zolakwika zina zimene zimabweretsa kusiyana, zomwe zimakonzedwa kudzera mu sasipensi, ndipo pali zina zimene sizikhudza sasipensi n'komwe, ngakhale zitakhala zazikulu kuposa zoyambazo. Kuiwala kulemba ndi kulemba m'akaunti ya mtundu wolakwika ndi kumene anthu amasokonezera magulu awiriwa.

Sitolo ya zipangizo zomangira

Tiyerekeze sitolo yogulitsa malata, misomali, penti ndi simenti, imene chaka chake chimatha pa 31 Disembala. Nkhani ya msonkho wa pa katundu tiisiye pambali kuti manambala asatichulukire. Kalaliki wawonkhetsa thirayo balansi ndipo wapeza kuti debiti ndi K48,650,000 pamene kirediti ndi K48,230,000. Kirediti yaperewera ndi K420,000. Akulemba K420,000 ku kirediti ya sasipensi, n'kuwerengera phindu loyembekezera, lomwe latuluka K5,300,000.

Choyamba, asanatsegule mafayilo, awonkhetsenso mizere yonse iwiri ndi kuona ngati zotsala zonse za m'leja zakoperedwa molondola. Kawirikawiri vuto limathera pomwepo. Akapanda kulipeza, pali njira zachidule zimene olemba mabuku amayesa. Amafufuza ngati pali chochitika cha K420,000 yeniyeni chimene chinalembedwa mbali imodzi. Amagawa kusiyanako pakati, n'kufufuza K210,000, chifukwa ndalama ikalembedwa ku mbali yolakwika, kusiyana kumene imabweretsa kumakhala kowirikiza kawiri. Amayesanso kugawa kusiyanako ndi 9, pakuti munthu akatembenuza manambala, monga kulemba 540 m'malo mwa 450, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. M'sitolo yathuyi zonse zitatu zalephera. Palibe chochitika cha K420,000, palibe cha K210,000, ndipo 420,000 sagawika ndi 9.

Zikatero, kalaliki wodziwa ntchito amayamba kukayikira kuti cholakwika si chimodzi. Nambala imene ili mu sasipensi ndi chotsala cha zolakwika zonse zitachotserana, zina zokokera uku, zina zokokera uko. Palibenso kuchitira mwina koma kutenga buku la ndalama ndi leja, n'kumatsata mzere uliwonse, kuchonga kuti ndalama iliyonse inafika kumene imayenera kufika.

Potsata choncho, wapeza kuti m'mwezi wa Okutobala kontilakita wina amene amatenga katundu pa ngongole analipira K600,000 kudzera ku banki. Ndalamayo inalembedwa bwinobwino ku debiti m'buku la ndalama, koma sinapititsidwe ku kirediti ya akaunti ya kontilakitayo. Uku ndi kuiwala kwa mbali imodzi. Debiti ilipo, kirediti palibe, ndipo n'chifukwa chake sikelo inapendekera. M'mabuku, munthu amene analipira kale akuonekabe kuti ali ndi ngongole, ndipo sitolo ikanamutumizira kalata yomukumbutsa, pakanakhala mkangano wosafunika ndi kasitomala wabwino.

Pokonza, ndi bwino kudzifunsa mafunso atatu motsatana. Chinalembedwa n'chiyani? Chimayenera kulembedwa n'chiyani? Ndilembenji tsopano kuti choyambacho chisanduke chachiwiricho? Apa chinalembedwa ndi debiti ya banki yokha. Chimayenera kulembedwa ndi debiti ya banki ndi kirediti ya kontilakita. Chosowa ndi kirediti ya K600,000 m'akaunti ya kontilakita. Koma kukonzako nakonso kuyenera kukhala ndi mbali ziwiri, ndipo ku banki sitingalembenso chifukwa kunalembedwa kale. Mbali inayo ndiye imapita ku sasipensi: debiti sasipensi K600,000, kirediti kontilakita K600,000.

Apa ambiri amachita mantha. Sasipensi inali ndi K420,000 ku kirediti, tsopano yalandira K600,000 ku debiti, ndipo chotsala chadumphira mbali ina, K180,000 ku debiti. Ena amaganiza kuti aononga, n'kufuna kubweza zimene alemba. Ayi ndithu. Kudumphako ndi uthenga wabwino, chifukwa kukuuza kalaliki kuti kwinakwake kuli debiti ya K180,000 imene sinalembedwe. Tsopano ali ndi nambala yeniyeni yoifunafuna.

Ndipo waipeza msanga. Lendi ya mwezi wa Novembala, K180,000, inalipiridwa ndi ndalama za m'kabati. M'buku la ndalama inalembedwa ku kirediti, koma m'akaunti ya lendi mulibe. Akanayang'ana akaunti ya lendi poyamba pomwe, akanaona kuti muli miyezi 11 m'malo mwa 12. Kukonza kwake ndi debiti lendi K180,000, kirediti sasipensi K180,000. Ku kirediti ya sasipensi tsopano kuli K420,000 ndi K180,000, zomwe zikukwana K600,000, ndipo ku debiti kuli K600,000. Akauntiyo yafika pa ziro, yatsekeka.

Invoisi imene sinalowe m'buku lililonse

Pamenepa m'pamene pagona ngozi. Sasipensi yatsekeka, thirayo balansi yafanana popanda kubwereka, ndipo munthu wotopa amafuna kutseka mabuku n'kupita kwawo. Koma zimene zakonzedwa ndi zokhazo zimene sikelo imatha kuona.

Kumayambiriro kwa Januwale kwabwera sitetimenti yochokera ku kampani imene imapereka simenti ku sitoloyi. Ikusonyeza kuti pofika pa 31 Disembala sitolo inali ndi ngongole ya K3,050,000. Leja ya sitolo ikunena K1,800,000. Kusiyana ndi K1,250,000. Pofufuza, zapezeka kuti pakati pa Disembala panabwera lole ya matumba a simenti, woyang'anira mosungira katundu anasainira kuti walandira, koma invoisi inatsalira m'kabati yake osafika ku ofesi. Palibe chimene chinalembedwa, ku debiti kapena ku kirediti. Uku ndiye kuiwala kotheratu, ndipo thirayo balansi sikanakuona ngakhale mutaiwonkhetsa kakhumi.

Tibwererenso ku mafunso atatu aja. Chinalembedwa: palibe. Chimayenera kulembedwa: debiti m'akaunti ya katundu wogulidwa, kirediti m'akaunti ya kampani ya simenti. Chokonza ndi chomwecho basi, debiti katundu wogulidwa K1,250,000, kirediti kampani ya simenti K1,250,000. Mbali zonse ziwiri zili ndi kwawo. Sasipensi ilibe gawo pamenepa.

Ndikutsindika chifukwa ophunzira ambiri, ngakhalenso ena ogwira ntchito kale, amakhala ndi maganizo akuti cholakwika chilichonse chopezeka pa nthawi yofufuza chiyenera kudutsa mu sasipensi. Taonani zimene zingachitike. Kalaliki atalemba debiti katundu wogulidwa n'kuponya kirediti ku sasipensi, akaunti imene inatsekeka ija yatsegukanso ndi K1,250,000, ndipo ngongole ya kampani ya simenti ikadali yobisika. Wakonza theka, waononga theka. Funso loyenera kudzifunsa nthawi zonse ndi lakuti: kodi pa chochitikachi, debiti ndi kirediti zimene zinalembedwa zinali zofanana? Ngati zinali zofanana, kapena ngati zonse ziwiri kunalibe, sasipensi musaikhudze. Ngati zinasiyana, kusiyanako kokha ndi kumene kumapita ku sasipensi.

Invoisi yoiwalikayi ikanatha kupweteka sitolo kawiri. Matumba ajawo, ena anagulitsidwa ndipo ndalama zake zinalowa m'zogulitsa, ena anawerengedwa pa katundu wotsala pa 31 Disembala. Koma mtengo wowagulira sunalowe paliponse, kotero kuti mabuku ankaonetsa ngati simenti anabwera mwaulere. Phindu linakwera ndi K1,250,000 imene kulibe, ndipo mwini sitolo akanatha kutapa ndalama za kunyumba poganiza kuti zinthu zayenda, osadziwa kuti akudya ndalama za eni simenti.

Zolakwika za mtundu uwu sizipezeka poyang'ana m'mabuku mokha, pakuti m'mabukumo mulibe chilichonse choti muone. Zimapezeka poyerekeza mabuku ndi mapepala ochokera kunja: masitetimenti a makampani opereka katundu, sitetimenti ya ku banki, mapepala osainira polandira katundu. Kumbali ya zogulitsa, manambala a mainvoisi ndi malisiti ayenera kutsatana, ndipo pakadumphika nambala muyenera kufunsa kuti pepala limenelo lili kuti. Chizindikiro china ndi phindu la pa katundu likakwera mwadzidzidzi pamene mitengo yogulira ndi yogulitsira sinasinthe.

Jenereta imene inasanduka zokonzetsa

Cholakwika chomaliza chapezeka pamene akauntanti amayerekeza ndalama zogwiritsidwa ntchito chaka chino ndi za chaka chatha. Akaunti ya zokonzetsa, imene chaka chatha inali pafupifupi K300,000, chaka chino yafika K2,750,000. Denga silinasasuke, galimoto sinachite ngozi. Potsegula akauntiyo, wapeza kuti pa 1 Julayi sitolo inagula jenereta yatsopano ya K2,400,000 kuti ntchito izipitirira magetsi akazima, ndipo kalaliki anailemba ku debiti ya zokonzetsa, kirediti banki.

Ndalama ndi yolondola, mbali ndi zolondola, koma mtundu wa akaunti ndi wolakwika. Ichi ndi chimene amachitcha cholakwika cha mfundo, chifukwa chaphwanya mfundo yosiyanitsa ndalama zoyendetsera bizinesi tsiku ndi tsiku ndi ndalama zogulira katundu wokhalitsa. Chimasiyana ndi kungosokoneza mayina, monga kulemba ngongole ya kasitomala uyu m'akaunti ya kasitomala uja. Pamenepo akaunti zonse ziwiri ndi za mtundu umodzi ndipo phindu silisintha. Koma jenereta ikalembedwa ngati zokonzetsa, chinthu chimene chidzagwira ntchito zaka zingapo chamezedwa chonse m'chaka chimodzi. Phindu la chaka chino latsika mopanda chilungamo, ndipo pa mndandanda wa katundu wa sitolo jeneretayo palibe. Itabedwa, mabuku sakanadziwa kuti kunali jenereta.

Malire ake ali motere. Ndalama imene yagula chinthu chogwira ntchito kupitirira chaka chimodzi, kapena imene yachikulitsa ndi kuchiwonjezera mphamvu, imapita ku akaunti ya katundu wokhalitsa. Ndalama imene yangochisunga kuti chizigwirabe ntchito monga kale imapita ku zoyendetsera bizinesi. Lamulo la kawerengedwe ka ndalama lotsatidwa m'mayiko ambiri, lotchedwa IAS 16, limanenanso kuti ndalama zonyamulira makina ndi zowaikira pamalo pake kuti ayambe kugwira ntchito ndi gawo la mtengo wa makinawo. Choncho wolumikiza mawaya a jenereta tsiku loyamba, malipiro ake amalowa ku akaunti ya makina, pamene dizilo, oyilo ndi malipiro a makaniko wodzaikonza pambuyo pake ndi zoyendetsera. Kwa a MRA nakonso kusiyanaku n'kofunika, chifukwa ndalama zogulira makina sizichotsedwa pa phindu lokhomera msonkho monga mmene zimachotsedwera zokonzetsa wamba. Zili ndi njira yakeyake.

Kukonza ndi kusamutsa basi: debiti makina K2,400,000, kirediti zokonzetsa K2,400,000. Ku banki kunalembedwa bwino, musakukhudze. Sasipensi nayonso ilibe mbali. M'akaunti ya zokonzetsa mwatsala K350,000, imene ikugwirizana ndi za chaka chatha.

Koma pali kachidutswa kamene ambiri amakaiwala. Jenereta ikalowa m'gulu la katundu wokhalitsa, iyenera kuyamba kuchotseredwa mtengo chaka ndi chaka chifukwa ikutha pogwira ntchito. Tinene kuti sitoloyi imayembekezera kuti makina ake agwira zaka zisanu, ndipo imachotsa gawo lofanana chaka chilichonse, kuwerengera miyezi imene agwira. Pa K2,400,000, chaka chathunthu ndi K480,000. Jeneretayi yagwira miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Julayi mpaka Disembala, ndiye ya chaka chino ndi K240,000. Imeneyi ndiyo yokha imene iyenera kuchotsedwa pa phindu la chaka chino, osati K2,400,000 yonse.

M'mabizinesi a pabanja, cholakwika cha mfundo chofala kwambiri ndi china. Mwini sitolo akatapa ndalama ya fizi ya mwana kapena ya ndiwo za kunyumba, kalaliki woopa bwana amaiponya ku "zina ndi zina". Ndalama imeneyo si yoyendetsera bizinesi. Kwawo ndi ku akaunti ya zotapa za mwini, imene imachepetsa mpamba wake, osati phindu la sitolo.

Phindu lenileni

Tsopano tiwerengenso phindu lija la K5,300,000. K600,000 ya kontilakita siikhudza phindu, chifukwa yangochepetsa ngongole zimene anthu ali nazo ku sitolo. Lendi yoiwalika ikuchotsa K180,000, kutsala K5,120,000. Invoisi ya simenti ikuchotsa K1,250,000, kutsala K3,870,000. Jenereta ikubweza K2,400,000, kufika K6,270,000, kenaka kuchotsera mtengo kwa miyezi isanu ndi umodzi kukutenga K240,000. Phindu lenileni ndi K6,030,000.

Onani bwino apa. Zolakwika ziwiri zimene zinachititsa kuti thirayo balansi ikane kufanana, zimene zinadya nthawi yambiri ya kalaliki, zinasintha phindu ndi K180,000 yokha. Ziwiri zimene sizinapange phokoso lililonse ndi zomwe zinali ndi mamiliyoni. Kalaliki akanalekera pa ziro wa sasipensi, akanapereka kwa bwana wake phindu la K5,120,000, ngongole yobisika ya K1,250,000, ndi sitolo yopanda jenereta.

Zokonza zonsezi zimalembedwa kaye mu jenala zisanapite ku leja, osati kufufuta kapena kupaka zoyera pa manambala akale. Chilichonse chikhale ndi tsiku, akaunti ya debiti, akaunti ya kirediti, ndi mawu ochepa ofotokoza chifukwa, monga akuti invoisi ya simenti ya Disembala sinalembedwe ndipo yapezeka poyerekeza ndi sitetimenti ya kampani. Pepala la umboni limatidwe pomwepo, ndipo munthu wina, osati wolembayo, asainire. Izi si zongokondweretsa ofufuza mabuku. Jenala ndi khomo limene munthu wosakhulupirika angabisirepo kuba, ndipo sasipensi imene imatsekedwa popanda umboni ndi malo oyamba amene ofufuza amathamangirako.

Nanga kakatsala kandalama kochepa kamene kakanika kupezeka? Ambiri amakaponya ku zoyendetsera n'kuiwala. Pa ndalama yochepadi, mutafufuza mokwanira ndipo wamkulu wavomereza, zimachitika. Koma sitolo yathu yatisonyeza kuti K420,000 inali K600,000 ndi K180,000 zitachotserana. Momwemonso K2,000 yotsala ingathe kukhala mamiliyoni awiri okokerana mbali zosiyana. Kuchepa kwa chotsala si umboni wakuti zolakwika ndi zazing'ono.

Ena adzati zonsezi ndi za nthawi ya mabuku a pamanja. N'zoona kuti mapulogalamu a pakompyuta owerengera ndalama salola kulemba mbali imodzi, kotero thirayo balansi yake imafanana nthawi zonse. Koma zimenezi zachotsa zolakwika zosavuta zokha. Invoisi yotsalira m'kabati siilowa yokha m'kompyuta, ndipo mukaiuza kuti jenereta ndi zokonzetsa, imalandira. Sasipensi nayonso sinathe. Masiku ano imadzaza ndi ndalama zolowa ku banki kapena pa foni zopanda dzina la wolipira, zimene kalaliki amaziika pambali kuti adzafunse, ndipo zikapanda kufunsidwa mwezi womwewo zimagona momwemo mpaka chaka kutha.

Inu eni mabizinesi, wolemba mabuku wanu akadzakuuzani kuti zonse zafanana, musalekere pomwepo. Mupempheni akuonetseni akaunti ya sasipensi ndi pepala la umboni pa ndalama iliyonse imene inalowa ndi kutulukamo. Mufunseni ngati wayerekeza leja ndi masitetimenti a onse amene amakupatsani katundu pa ngongole. Kenaka tengani mndandanda wa katundu wokhalitsa, muyende nawo m'sitolo, muone ngati chilichonse chimene munagula chaka chino chalembedwapo.